Kachunidwe ka mpweya wa matayala ndi kulemera kwa thirakitala kuti munda usatsindirike

Thirakitala zambiri zimalowa m'munda ndi mpweya umene zinapopedwa kwa okonza matayala pamsewu. Iwo anazolowera magalimoto, choncho tayala lalikulu lakumbuyo amalipopa mpaka 30 psi kapena kuposa pa geji yoyezera mpweya, kuti lioneke "lokhuta". Tayala lotere limagunda pansi ndi kachigawo kochepa, limapalasa polima, limamwetsa dizilo wambiri, ndipo limasiya dothi lolimba ngati pabwalo. Ngolo imene imadzalowa pambuyo pake kudzanyamula chimanga kapena kudzatsitsa manyowa imawononga kuposa pamenepo.

Pali mfundo ziwiri zimene muyenera kuzisiyanitsa musanagwire geji. Dothi lapamwamba, momwe mumakhala mizu yambiri, limatsindirika molingana ndi mpweya wa m'tayala: mphamvu imene tayala limakanikiza nayo pansi imakhala pafupifupi yofanana ndi mpweya umene uli mkati mwake, kungoposerako pang'ono chifukwa cha kulimba kwa mphira. Dothi lakuya, lapansi pa pomwe pulawo imafika, limatsindirika molingana ndi kulemera kumene ekiselo yasenza. Kuchepetsa mpweya kumathandiza pamwamba, koma sikufafaniza katundu wochuluka. Nchifukwa chake mpweya ndi kulemera zimachunidwa pamodzi.

Chitsanzo chathu chikhala thirakitala ya mphamvu ya mahatchi 75 yokoka ndi matayala akumbuyo okha, monga Massey Ferguson 375, yokhala ndi matayala a 16.9-30 kumbuyo ndi 7.50-16 kutsogolo, pulawo ya mbale zitatu, ndi ngolo ya ekiselo imodzi.

Gawo 1: Werengani tayala, gulani geji yoyenera

Pambali pa tayala pali zolemba. Ngati pakati pa manambala pali kamzere, monga 16.9-30, tayalalo ndi la nsalu zopingasana, lolimba m'mbali, ndipo ambiri amene tili nawo ndi amenewa. Ngati pali chilembo R, monga 16.9R30, ndi lofewa m'mbali, limapanga kamimba pansi ngakhale mpweya uli wokwanira, ndipo limalola mpweya wochepa kwambiri. Onaninso nambala ya PR, monga 6 PR kapena 8 PR, imene imanena kulimba kwa tayala ndi mpweya wokwera umene silingapitirire. Musaike mitundu iwiriyi pa ekiselo imodzi.

Wopanga tayala aliyense ali ndi tebulo losonyeza katundu amene tayala lingasenze pa mpweya wakutiwakuti ndi liwiro lakutilakuti. Tebulo limeneli, pamodzi ndi buku la thirakitala, ndilo limalamula. Ogulitsa matayala a zaulimi amakhala nalo, ndipo mungalijambule pafoni.

Geji ya malole imene imawerenga mpaka 150 psi singakuthandizeni, chifukwa pa geji yotere kusiyana kwa 14 ndi 18 sikuoneka. Pezani yowerenga mpweya wochepa, yolekezera pa 30 kapena 60 psi, ndipo ngati mudzathira madzi m'matayala, ikhale yopirira madzi. Ngati geji yanu imawerenga bar, kumbukirani kuti 1 bar ndi pafupifupi 14.5 psi. Yezani m'mawa, matayala asanatenthe ndi dzuwa kapena ulendo. Kumenya tayala ndi chitsulo kapena kuliponda ndi phazi sikuyeza.

Gawo 2: Dziwani katundu amene tayala lililonse lasenza

Njira yabwino ndi kupita pa sikelo ya magalimoto, monga zimene zimakhala m'maesiteti ndi kwa ogula mbewu akuluakulu. Kwezani ekiselo yakutsogolo yokha, lembani, kenaka yakumbuyo yokha, pulawo itamangidwa ndi kunyamulidwa m'mwamba. Ngati sikelo ili kutali, tengani kulemera kwa m'buku la thirakitala n'kuwerengera.

Tiyerekeze kuti thirakitala yathu yopanda kanthu yalemera makilogalamu 2,500: kutsogolo 900, kumbuyo 1,600. Pulawo ndi makilogalamu 400. Anthu ambiri amangowonjezera 400 kumbuyo n'kulekera pomwepo, koma pulawo imalendewera kuseri kwa ekiselo, choncho imanyamulanso mphuno ya thirakitala. Ngati pakati pa kulemera kwa pulawo pali pa mita 1.1 kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, ndipo ma ekiselo awiriwo atalikirana mamita 2.2, ndiye kuti theka la 400, amene ndi makilogalamu 200, limachoka kutsogolo n'kupita kumbuyo. Kutsogolo kwatsala 700, kumbuyo kwafika 2,200. Tayala lililonse lakumbuyo lasenza makilogalamu 1,100.

Lamulo loteteza moyo ndi lakuti kutsogolo kusatsike pansi pa magawo 20 pa 100 a kulemera konse. Pano zonse pamodzi ndi 2,900, ndipo magawo 20 ake ndi 580, choncho 700 akukwanira. Zikatsika, chiwongolero chimapepuka, matayala akutsogolo amayandama potembenuka, ndipo pachitunda thirakitala imatha kuimirira ndi matayala akumbuyo.

Gawo 3: Tsitsani mpweya kufika pomwe katunduyo akufuna

Tayala la 16.9-30 la 6 PR limasenza pafupifupi makilogalamu 1,900 pa 18 psi, ndipo pamenepo ndi pomwe limalekezera. Lathu lasenza 1,100 okha. Palibe chifukwa chokhalira ndi 30 psi. Mpweya umenewo wapitirira ngakhale malire a tayala lenilenilo. Pa katundu wotere 14 psi imakwanira polima, bola tebulo la tayala lanu likhale ndi mzere umenewo. Mzere wotsikitsitsa wa pa tebulo ndiwo malire anu, ndipo tayala lakumbuyo la nsalu zopingasana lisatsike pansi pa 12 psi.

Polima ndi pulawo, matayala akumanja amayenda m'ngalande imene pulawo yasiya, thirakitala imapendekeka, ndipo katundu wambiri amagwera tayala la m'ngalandemo, limenenso limapindika m'mbali. Onjezerani 4 psi m'tayala limenelo popanda kupitirira malire ake: lakumtunda 14, la m'ngalande 18. Mukamaliza kulima ndi pulawo, afananitseninso. Akutsogolo a 7.50-16 ndi aang'ono ndipo amafuna mpweya wokwererapo. Tsatirani buku, musawatsitse mofanana ndi akumbuyo.

Kodi kutsitsa uku kukusintha chiyani pansi? Gawani katundu ndi mpweya, mupeza kukula kwa malo amene tayala lagunda. 14 psi ndi pafupifupi kilogalamu 1 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, choncho makilogalamu 1,100 afalikira pa tibokosi 1,100, pafupifupi mapepala awiri a A4. Pa 30 psi katundu yemweyo amaunjikana pamalo osakwana pepala limodzi. Mano a tayala ogwira dothi amachepanso ndi theka, ndipo mpomwe kupalasa kumayambira.

Mpweya ukachepa mopitirira, tayala limakuuzani. M'mbali mwake mumachita makwinya pamene likukoka, ndipo pakapita nthawi nsalu zam'kati zimaduka. Choopsa china ndi chakuti tayala limatha kuterereka pa limu, n'kukoka chubu mpaka valavu kuzuka. Jambulani mzere wa choko wodutsa pa limu ndi pa tayala musanayambe ntchito. Mukapeza mzerewo wasiyana madzulo, onjezerani 2 psi. Mpweya wochuluka umaoneka ndi mano odyeka pakati okha, komanso thirakitala yodumphadumpha.

Mukafuna kuyenda mtunda wautali pa tala, makamaka ndi ngolo, bwezerani mpweya wa pamsewu umene tebulo likunena, chifukwa tayala lofewa limatentha likamathamanga. Kapampu ka phazi kapena kolumikiza ku batire kamene kamakhala pa thirakitala ndiko kamachititsa kuti dalaivala asamachite ulesi pa zimenezi.

Gawo 4: Yezani kupalasa musanawonjezere kulemera kulikonse

Ambiri amathira madzi m'matayala tsiku limene agula thirakitala, ndipo madziwo amakhala momwemo mpaka tayala litatha. Kulemera kowonjezera kuli ndi ntchito imodzi yokha, kuchepetsa kupalasa pa ntchito yokoka kwambiri. Ngati kupalasa kuli bwino kale, madziwo ndi katundu wongotsindira munda ndi kumwetsa dizilo.

Kuyeza kumafuna anthu awiri, choko, zikhomo ndi tepi. Ikani chizindikiro pambali pa tayala lakumbuyo. Dalaivala ayendetse m'munda momwemo pulawo ili m'mwamba, pa giya imene amalimira. Woyenda pambali akhome chikhomo pamene chizindikiro chafika pansi, awerenge maulendo 10 a tayala, akhomenso china, ayeze mtunda. Kenaka bwerezani pulawo ili pansi, ikulima pa kuya kwake kwenikweni. Woyezayo ayende patali ndi tayala komanso pulawo.

```
kupalasa (%) = (A − B) ÷ A × 100
```

A ndi mtunda wa pulawo ili m'mwamba, B ndi wa polima. Tayala la 16.9-30 limayenda pafupifupi mamita 44 pa maulendo 10. Tinene kuti polima layenda mamita 35. Kusiyana ndi 9, ndipo 9 kugawa ndi 44 ndi magawo opitirira pang'ono 20 pa 100. Ndiye kuti pa maola asanu aliwonse olima, ola limodzi tayala likungozungulira n'kumapaka dothi.

Kwa thirakitala yokoka ndi akumbuyo okha, kupalasa koyenera ndi pakati pa 10 ndi 15 pa 100. Yokoka ndi matayala onse anayi, pakati pa 8 ndi 12. Musafune kuti kutheretu. Kupalasa pang'ono kumateteza magiya pamene pulawo yakodwa pa chitsa kapena mwala, ndipo thirakitala yosapalasa n'komwe ndiye kuti yalemera mopitirira. Mapazi a tayala amanenanso zomwezo: akaoneka bwinobwino ngati chidindo, mwalemetsa; akafafanizika onse, mwapepuka; oyenera amasweka pakati koma m'mbali amaonekabe.

Kupalasa kukapitirira 15, musathamangire madzi. Onani kaye ngati mpweya watsikadi, ngati mano a tayala sanathe, ngati pulawo yachunidwa bwino ndipo siikulowa mopitirira, komanso ngati chogwirira cha hayidiloliki chili pa kachunidwe komvera kukoka, kamene kamanyamula pulawo pang'ono ikalemera n'kusamutsira katundu wake pa matayala akumbuyo. Onaninso ngati dothi silinanyowe kwambiri, chifukwa pamatope kulemera kowonjezera kumangokumiza. Zonsezi zikakhala bwino koma kupalasa kukadalipo, mpomwe muwonjezere.

Gawo 5: Kuthira madzi m'matayala

Zitsulo zomangirira ku limu ndi zabwino chifukwa zimachotsedwa msanga, koma ndi zodula, choncho ambiri amasankha madzi. Kumayiko ozizira amasakaniza madziwo ndi mankhwala oletsa kuundana, ena mwa iwo amadya limu ndi dzimbiri. Kuno madzi oyera okha akwanira.

Imikani thirakitala pamalo athyathyathya olimba, tsekerani matayala ena ndi miyala kapena mitengo, nyamulani tayala ndi jeke, ndipo ikani chipika cholimba pansi pa ekiselo, musadalire jeke yokha. Zungulizani tayala kuti valavu ikhale pamwamba penipeni. Chotsani kamtima ka valavu kuti mpweya wonse utuluke. Lumikizani payipi yochokera pa mpopi, pa kapampu, kapena pa mgolo umene mwaukweza pamwamba kuposa tayala. Pali kachitsulo kolumikizira kamene kamalowetsa madzi kwinaku kakutulutsa mpweya; ngati mulibe, muzichotsa payipi pafupipafupi kuti mpweya upume, apo ayi madzi amaleka kulowa. Madzi akayamba kubwerera pa valavu, lekani, dikirani otsala atuluke. Pamenepo tayala ladzadza magawo atatu mwa anayi, ndipo gawo lotsalalo liyenera kukhala la mpweya, chifukwa madzi safinyika. Tayala lodzadza madzi okhaokha limatha kung'ambika likagunda chitsa. Bwezerani kamtima, popani, tsitsani jeke, kenaka chunani mpweya. Chitani chimodzimodzi mbali inayo, matayala onse awiri alemere mofanana.

Tayala la 16.9-30 limalowa pafupifupi malita 275, amene ndi makilogalamu 275. Awiri ndi 550. Ekiselo yakumbuyo yachoka pa 2,200 kufika 2,750, tayala lililonse 1,375, zimene zikadali pansi pa malire ake. Koma zonse pamodzi tsopano ndi 3,450, ndipo makilogalamu 700 akutsogolo aja angokwanira magawo 20 pa 100 movutikira. Kolekani zitsulo ziwiri kapena zitatu kutsogolo, ndipo mukadzamanga pulawo yolemera kuposa iyi, zitsulozo zisasowe. Bwerezani kuyeza kuja. Ngati polima tayala layenda mamita 38.5, kupalasa kwatsika kufika 12.5 pa 100, ndipo pamenepo imani, musawonjezerenso kanthu.

Tayala la madzi liyezeni sabata iliyonse, valavu ili pamwamba. Malo a mpweya mkati mwake ndi ochepa, choncho kakudontha kakang'ono kamatsitsa nambala msanga. Nyengo yolima ikatha, ntchito zotsala monga kubzala, kupopera mankhwala ndi kutchetcha sizifuna kulemera kumeneku. Zungulizani valavu ikhale pansi, chotsani kamtima, madzi atuluke, ndipo zitsulo zakutsogolo zitsike ngati palibe cholemera chimene chamangidwa kumbuyo.

Chenjezo kwa amene amavala matayala okha: pokhazika tayala pa limu musapitirire 35 psi. Likakana, tulutsani mpweya, pakani madzi a sopo m'mphepete, yambaninso, ndipo musaime moyang'anizana nalo.

Gawo 6: Ngolo

Apa mpomwe minda yambiri imawonongekera, ndipo mpomwe anthu saganizirapo. Tengani ngolo ya ekiselo imodzi yolemera tani imodzi, mwakwezamo matumba 60 a makilogalamu 50. Zonse ndi matani 4. Tinene kuti gawo limodzi mwa asanu lagwera pa chokokera cha thirakitala. Pa ekiselo ya ngolo patsala makilogalamu 3,200, tayala lililonse 1,600. Matayala a ngolo ndi opyapyala, ambiri ndi ochoka ku malole, ndipo amapopedwa 50 mpaka 70 psi, ena kuposa. Pa 60 psi, makilogalamu 1,600 aja akhala pamalo ongoposa pang'ono theka la pepala lija. Tayala laling'onoli lasenza katundu woposa wa tayala lalikulu la thirakitala, ndipo likukanikiza pansi kuwirikiza kanayi.

Yankho si kuphwetsa matayala a ngolo. Tayala lopyapyala lilibe malo osungira mpweya wambiri, limasenza katundu chifukwa cha kukwera kwa mpweyawo. Mukalitsitsa ngolo ili yodzadza, limatentha pamsewu n'kuphulika, ndipo ngolo yophulika tayala mbali imodzi imagubuduka. Mungalitsitse pokhapokha katundu wachepa ndipo tebulo lake likulola.

Chimene mungachite n'kusintha mayendedwe. Ulendo woyamba wa tayala ndi umene umatsindira gawo lalikulu. Maulendo otsatira pamalo omwewo amangowonjezera pang'ono. Choncho kudutsa kakhumi m'njira imodzi kumawononga pang'ono kusiyana ndi kudutsa kamodzikamodzi m'njira khumi, ngakhale madalaivala ambiri amaganiza kuti kusinthasintha njira ndiko kusamala munda. Sankhani njira imodzi m'mphepete mwa munda, kapena iwiri ngati munda ndi waukulu, ikhale yomweyo chaka chilichonse. Pokolola, imikani mikukwe kufupi ndi njirayo kuti ngolo isamazungulire munda wonse. Ngati ngolo iyenera kulowa, iyambire kumapeto akutali ili yopanda kanthu, izidzadza ikubwerera kotulukira. Pa manyowa ndi mosemphana: tsitsani milu yoyamba pafupi ndi polowera, ngolo izilowa mkati ikupepuka. M'dimba ndi m'minda yothirira, momwe dothi siliuma, lowani ndi theka la katundu kapena musalowe n'komwe. Matayala a ngolo akadzatha, gulani otambalala a zaulimi amene amasenza katundu yemweyo pa mpweya wochepa.

Pamsewu, ngolo imangidwe pa chokokera chake chapansi, osati pamwamba pa ekiselo, chifukwa kumanga pamwamba kumagubuduza thirakitala chagada. Mangani zopondera ziwiri za mabuleki a thirakitala pamodzi ndi kachitsulo kake, ndipo potsetsereka lowani giya yotsika musanayambe kutsika. Ngolo yopanda mabuleki yolemera kuposa thirakitala imaikankha, choncho apa chepetsani matumba.

Gawo 7: Funsani dothi musanalowe, ndipo kumbani muone

Zonse zimene tachuna zimagwira ntchito pa dothi loumirako. Dothi lonyowa limatsindirika ngakhale mpweya utakhala wabwino chotani. Kumbani masentimita 15, tengani dothi la pansipo, osati lapamwamba limene dzuwa laumitsa. Lifinyeni m'manja n'kulipota pakati pa zikhatho. Likapoteka kukhala kachingwe kowonda osaduka, ndi lonyowa kwambiri, dikirani. Likamanyenyeka musanalipote, lowani. Mchenga umalola msanga mvula ikakata, katondo amafuna masiku angapo, ndipo makande akudambo amachedwa kuposa onse. Vuto ndi lakuti thirakitala yobwereka imabwera tsiku limene mwini wake wapeza mpata, nthawi zambiri mvula itagwa kale. Ngati mungathe, lembetsani msanga kuti ikulimireni dothi lisanakhute madzi, ndipo dalaivala akafika, m'pempheni muyeze matayala limodzi. Munda ndi wanu.

Kuti mudziwe ngati munda unatsindirika kale, onani pomwe madzi amadikha mvula ikagwa, ndi pomwe chimanga chimafupika ndi kuchita chikasu motsata mizere ya matayala, n'kumafota msanga kukachita ng'amba. Tengani chitsulo chomangira nyumba chosongoka, dothi lili lonyowa bwino, muchikankhe pansi pang'onopang'ono. Chikakana pa kuya kumodzimodzi malo ambiri, kawirikawiri masentimita 15 mpaka 25, pamenepo pali dothi lolimba. Yerekezani ndi pansi pa mpanda kapena pamalo pomwe sipadutsa tayala. Kenaka kumbani dzenje la masentimita 50 pafupi ndi phesi. Mizu yopindikira m'mbali, yophwatalala, ndi dothi losweka m'mapalemapale m'malo monyenyeka, ndi umboni wokwanira. Si nthawi zonse pamene thirakitala ndiyo yalakwa: kuunda mizere ndi khasu pa kuya komweko chaka ndi chaka, kapena kulima ndi mbale pa kuya kosasintha, kumasiyanso dothi lolimba lotere.

Kuling'amba kumachitika dothi lili louma, cha mu Seputembala kapena Okutobala, ndi khasu la thirakitala long'amba nthaka, lolowa masentimita 5 okha kupitirira pansi pa polimbapo. Pa dothi lonyowa chitsulocho chimangodula mzere n'kupaka m'mbali osaswa kanthu. Iyi ndi ntchito yokoka kwambiri, choncho yezaninso kupalasa, mwina mpomwe madzi a m'matayala adzafunike. Mukang'amba, dothi limakhala lofewa ndipo limatsindirikanso msanga kuposa kale, choncho ngolo isapondepo. Bzalanipo nandolo, amene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kusiya timabowo, ndipo siyani mapesi pamwamba kuti nyongolotsi ndi chiswe zipitirize kutsegula dothilo.